Chisoni chopanda maliro: mafunso ndi mayankho kwa amene akudikira abale awo a ku Joni

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuno ku Mangochi: ku banki m'khonde ndalama zikatha kuwerengedwa, pa sikelo ya ana, ndi pagombe poyembekeza usipa. Ambiri amafunsidwa chapansipansi, wofunsayo atayamba ndi mawu akuti "pali mnzanga wina". Chisoni cha zinthu zimene si imfa chili ndi mitundu yambiri, koma pano takhazikika pa mtundu umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chimwala, wa munthu amene adakwera basi ya ku Joni. Za ntchito ndi za ubwenzi tazikhudza chakumapeto.

Kodi munthu angalire mnzake amene sanamwalire?

Inde. Chimene mtima umalira si mtembo ayi, koma malo amene atsala opanda munthu. Mwamuna akapita, pamachoka munthu wofolera denga, wodzudzula anyamata, wokambirana naye usiku ana atagona. Zonsezo zatayika ngakhale mwini wake akupuma kwinakwake ku Durban.

Katswiri wa za mabanja wa ku America, Pauline Boss, ndiye adayamba kulongosola bwino chisoni chotere m'zaka za m'ma 1970, atacheza ndi akazi a asilikali oyendetsa ndege amene adasowa pa nkhondo ya ku Vietnam. Adati kutaya kotereku kuli pawiri. Koyamba, munthu thupi lake kulibe koma m'maganizo a banja alipo, ngati mtchona kapena msodzi amene bwato lake lidatembenuzidwa ndi mwera mtembo osapezeka. Kachiwiri, thupi lilipo koma munthu amene tinkamudziwa uja kulibe, ngati agogo amene aiwala mayina a ana awo. Mitundu yonse iwiri imapezeka pa nkhani ya ku Joni, ndipo wachiwiriwo tauyankha pa funso la munthu wobwerera.

Chikusiyana pati ndi chisoni cha maliro enieni?

Kusiyana kwake kuli pa masiku. Munthu akamwalira, mudzi umadziwa chochita ndipo wofedwa amanyamulidwa ndi mwambo ngakhale iye mwini alibe mphamvu. Uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amakumba manda, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni. Kwa Asilamu pali sadaka ya masiku 3, ya masiku 7 ndi ya masiku 40, ndipo mkazi wamasiye amakhala pa eda miyezi 4 ndi masiku 10. Akhristu nawo ali ndi mapemphero awo mpaka tsiku lovundukula chiliza. Chilichonse chili ndi poyambira ndi pothera, ndipo aliyense amadziwa kuti uyu tsopano ndi wamasiye.

Mkazi wa mtchona alibe tsiku lililonse lowerengera. Sali pa eda, komanso sali pabanja ngati anzake. Akalira kwambiri apongozi amati akulodza mwana wawo. Akaseka kwambiri, amati wapeza wina. Timati maliro n'kulirana, koma awa ndi maliro amene palibe amabwera kudzakulira nawo, chifukwa palibe angayerekeze kunena kuti kwagwa zovuta. N'chifukwa chake chisoni chimenechi sichitsika pang'onopang'ono ngati cha imfa. Chimaima pamodzimodzi, kenako chimadzuka mwamphamvu pa Eidi, pa Khirisimasi, kapena tsiku limene basi ya ku Joni yatsitsa katundu wa kwa aneba.

Makolo athu ankapita ku Wenela koma agogo athu sankadandaula chonchi. Kodi ife tangofewa mitima?

Ankadandaula. Mawu akuti "matchona" sadayambe dzulo, ndipo nyimbo zambiri za pamtondo zinali za amuna amene adapita ku Halale ndi ku migodi osabwerako. Koma panali kusiyana kumodzi kofunika. Wopita kudzera ku Wenela, kapena ku Theba pambuyo pake, ankalembedwa m'kaundula, anali ndi kontilakiti ya nthawi yodziwika, ndipo gawo la malipiro ake ankadzalandirira kumudzi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, mabanja adauzidwa, ndipo Kamuzu adaimitsa ulendo wa ku migodi. Udayambiranso patapita zaka zochepa mpaka kutheratu mu 1988.

Anyamata a lero amapita okha kapena ndi matilansipota, kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ambiri masiku a pa pasipoti amawathera ali komweko, ena amagwira ntchito ndi dzina losakhala lawo. Palibe kaundula amene banja lingakafunseko.

Foni nayo, imene timaiyesa chithandizo, ili ndi mbola yake. Agogo athu ankadikira kalata kamodzi pa miyezi ingapo, pakati ponsepo n'kumalima. Lero mayi amatsegula WhatsApp kambirimbiri pa tsiku kuyang'ana ngati kachizindikiro kamodzi kaja kasanduka tiwiri. Bala likamakandidwa ola lililonse silipola.

Amuna anga amatumiza ndalama mwezi uliwonse, tamanga ya malata. Nanga n'chifukwa chiyani ndimalira usiku?

Chifukwa ndalama ndi zimene zikubwera, munthu ayi. Palibe kusayamika pamenepa. Vuto lanu n'lakuti anthu amaona malata, sola ndi njinga yamoto, ndiye kudandaula kwanu kumamveka ngati matama. Katswiri wina, Kenneth Doka, adalemba mu 1989 za chisoni chimene anthu okuzungulira sakuloleza kukhala nacho, ndipo chanuchi ndi chimodzi mwa izo. Munthu wosaloledwa kulira pagulu amalirira m'thupi: mutu wosatha, kuthamanga mtima, kusowa tulo.

Chothandiza n'kutchula chimene mwataya, chimodzichimodzi, osati kungoti "ndawasowa". Mwina ndi chakuti mwana wachitatu wayamba kuyenda bambo ake asanamugwirepo. Mwina ndi chakuti chilichonse, ngakhale kugulitsa mbuzi, muyenera kudikira foni. Zina mwa zimenezi zili ndi pogwira. Mwachitsanzo mungagwirizane ndi amuna anu kuti zinthu zosapitirira ndalama zakutizakuti muzigamula nokha, ndiponso kuti pa sabata pakhale foni imodzi imene simukambamo za simenti kapena fizi. Mabanja ambiri a ku Joni amatha chifukwa mwamuna ndi mkazi adasanduka bwana ndi kapitawo wa pa nyumba yomangidwa.

Tsiku lina ndimawapempherera kuti abwere, tsiku lina ndimalakalaka nditangomva kuti adamwalira. Kodi ndine woipa mtima?

Ayi. Ili ndi funso limene anthu amachita nalo manyazi kwambiri, chonsecho pafupifupi aliyense amene wadikira zaka amafika pamenepa. Simukufuna imfa ya munthuyo. Mukufuna yankho, ndipo imfa ndi yankho lokhalo limene maganizo anu akulidziwa kuti limatseka nkhani.

Mtima umafuna kusankha chimodzi: ali moyo kapena adafa, ndi mwamuna wanga kapena si mwamuna wanga. Koma umboni mulibe, ndiye kusankha kulikonse kumagwa mawa lake. Njira imene imathandiza ambiri ndi kuphunzira kunena ziwiri zonse pamodzi: "Mwina ali moyo, mwinanso ayi. Ndimawakonda, komanso ndawakwiyira. Ndi bambo wa ana anga, koma amene akuyendetsa khomo lino ndine." Poyamba zimamveka ngati kuzemba. Koma munthu amene wavomera kuti sakudziwa amasiya kuweruza mlandu womwewo usiku uliwonse, ndipo mphamvu imeneyo imapita kumunda.

Foni yasiya kupezeka. Tiyambire pati kufufuza?

Yambani msanga, ndipo musadalire foniyo yokha. Nambala ya ku South Africa ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina. Choncho mukaimba n'kuyankha mlendo wolankhula Chizulu, sizitanthauza kuti m'bale wanu waberedwa kapena wafa. Pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kamangosonyeza kuti uthenga sunafike pa foniyo. Sikanena chifukwa chake.

Choyamba lembani papepala zonse zimene mukudziwa: dzina la pa pasipoti ndi dzina limene ankadziwika nalo kumeneko, tsiku lomaliza kulankhulana, tauni ndi dera limene ankakhala, mtundu wa ntchito, ndi zipsera kapena zizindikiro za m'thupi. Sungani chithunzi chake chaposachedwa ndi malisiti a ndalama zomaliza, chifukwa pamakhala dzina ndi nambala ya wotumiza, amene nthawi zina amakhala mnzake.

Kenako funsani anthu motsatana: tilansipota amene adamutenga kapena amene ankabweretsa katundu wake, anyamata a m'mudzi mwanu amene ali tauni yomweyo, ndi mzikiti kapena mpingo umene ankapemphera kumeneko. Amalawi ku Joni ali ndi magulu osonkherana pa maliro, ndipo atsogoleri a magulu amenewa amamva msanga za amene wagonekedwa m'chipatala kapena wamangidwa. Pemphani munthu mmodzi wodalirika kuti akanene ku polisi ya dera limene ankakhala, afunsenso ku zipatala ndi ku nyumba zachisoni za boma. Apa m'pofunika changu, chifukwa lamulo la kumeneko limalola boma kuika m'manda mtembo umene wakhala masiku 30 osazindikiridwa. Afunsenso za ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kumene amasunga anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Munthu angakhale kumeneko masabata ngakhale miyezi abale osadziwa.

Kuno kwathu, kanenani ku polisi, ndipo funsani a Red Cross za ntchito yawo yolumikizanitsa mabanja otayana. Malawi ali ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Chenjerani ndi aliyense woimba foni kuti wamuona m'bale wanu koma mutumize kaye ndalama. Muuzeni akulumikizeni naye mumve mawu ake. Chimodzimodzi amene amalonjeza kumukoka ndi mankhwala. Ndaona mabanja atagulitsa mbuzi zonse pa zimenezi, n'kutsala ndi chisoni chomwe chija, khola lili pululu.

Konzekeraninso yankho limene simukulifuna. Nthawi zina kufufuza kumathera pa kupeza kuti munthuyo ali bwinobwino, ali ndi banja lina, kapena ntchito idamuthera ndipo akuchita manyazi kuimba chimanjamanja.

Tidikire mpaka liti?

Palibe angakupatseni chaka. Koma funsoli limalemera chifukwa muli mafunso angapo omangidwa mtolo umodzi. Mukaumasula, mupeza kuti ambiri mungawayankhe osadziwa kumene munthuyo ali.

Tiyerekeze ndi mayi wina wa cha ku Namwera, wa ana atatu. Amuna ake adapita mu 2019, ankatumiza ndalama zaka ziwiri, kenako mu 2021 kudangoti zii. Nyumba idaima pa mawindo. Kwa zaka ziwiri mayiyu sadakhudze kanthu. Matumba a simenti adauma m'chipinda chifukwa "eni ake sananene". Munda wa kudambo udagonera chifukwa amuna ake ndiwo ankagamula zobzala. Mwana wamkulu adakhoza mayeso a Sitandade 8 koma za fizi palibe adazikamba, aliyense ankati bambo ake atumiza. Uku ndiye kuuma kumene chisoni chotere chimabweretsa: banja limasunga mpando wa munthu, ndipo pamodzi ndi mpandowo limasunganso ntchito zake zonse osazigwira.

Chimene chidasintha zinthu ndi bwalo laling'ono la ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mwini mbumba, mlongo wake wa mayiyo. Sadakambe zoti mwamunayo ali moyo kapena ayi. Adagawa nkhani patatu. Za chaka chino, munda ndi fizi, adati mayi agamule yekha kuyambira tsiku lomwelo, amalume a ana athandize. Za katundu, adati zipinda ziwiri zifoleredwe ndi malata amene adalipo kale kuti njerwa zisagwe ndi mvula, koma njinga ndi zida za mwamunayo zisagulitsidwe. Za ukwati, adati akuchimuna afufuze kwa miyezi 6 motsata njira tafotokoza pamwambapa, ndipo adatchula mwezi wodzakumananso.

Miyezi 6 itakwana, panalibe chatsopano. Mayiyo adati sanakonzeke kuthetsa banja, ndipo adapangana kudzakhalanso pansi pakatha chaka. Wina anganene kuti bwalolo silidaphule kanthu. Koma mwana adapita kusukulu, kudambo kudabzalidwa mpunga, ndipo mayiyo adasiya kudzifunsa za ukwati tsiku ndi tsiku chifukwa funsolo lidapatsidwa tsiku lake. Akadzafuna kumasulidwa, njira ndi yodzera kwa ankhoswe, kwa shehe kapena abusa malinga ndi mmene ukwatiwo udamangidwira, ndi ku khoti. Chofunika n'chakuti asalowe m'banja lina loyambalo lisanathetsedwe poyera, chifukwa matchona ena amatulukira pakhomo patapita zaka 10.

Njirayi ili ndi malire. Imayenda ngati akuchimuna ali ndi chilungamo. Pena iwo amadziwa kumene mwana wawo ali, amalandira ndalama mwakachetechete, mpongozi n'kumamuuza kuti adikire. Mukaona kuti apongozi sakuda nkhawa ngati inu, kapena akukana bwalo popanda chifukwa, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, makamaka pa nkhani ya chithandizo cha ana.

Ana tiwauze chiyani?

Zoona, mwa msinkhu wawo. "Bambo adapita kukagwira ntchito. Pakadali pano sitikudziwa kumene ali. Tikufufuza. Si chifukwa cha iwe." Mawu omalizawo musawasiye, chifukwa mwana wamng'ono amaganiza kuti bambo adachoka poti iye adalakwa.

Pewani ziwiri. Musamalonjeze kuti abwera pa Eidi kapena pa Khirisimasi pamene simukudziwa. Mwana amawerenga masiku, ndipo tsikulo likadutsa amataya bambo kachiwiri, n'kuyambanso kukayikira mawu anu. Musamuuzenso kuti adamwalira pofuna kuti asiye kufunsa, chifukwa adzamva zoona kwa anzake pa mjigo. Samalani mnyamata woyamba kubadwa. Anthu amakonda kumuuza kuti "ndiwe bambo wa pakhomo tsopano", ndipo ambiri otere amasiya sukulu, amakakhala alovi kunyanja kuti apeze ya pasipoti, n'kunyamuka ulendo womwewo ponena kuti akukasaka bambo awo.

Adabwerako, koma sali ngati kale. Takhumudwa m'malo mosangalala. Zili bwino?

Zimachitika kwambiri. Uwu ndi mtundu wachiwiri uja: munthu alipo koma kulibe. Ena adabwera pa mabasi amene boma lidatumiza nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo, monga mu 2008 ndi mu 2015, atasiya zonse m'mbuyo. Ena adachokera ku Lindela ndi jumbo yokha. Munthu wotere amakhala chete, amadzidzimuka ndi phokoso, amakwiya msanga, kapena amangokhalira kukamba zobwerera.

Kumbukirani kuti nayenso ali pa chisoni chake. Wataya ntchito, anzake, ndi dzina limene anali nalo m'mudzi monga munthu wotumiza. Wapezanso kuti khomo lidaphunzira kuyenda popanda iye: mkazi amasunga yekha ndalama, ana amapempha chilolezo kwa amayi. Mkangano waukulu umabuka akafuna kutenganso zonse tsiku limodzi, kapena akamangoonedwa ngati mlendo. Gawanani ntchito mwatsopano ngati mmene bwalo lija lidachitira, pang'onopang'ono, ndipo musamufunse pagulu kuti wabwera ndi chiyani.

Nanga ine amene ntchito idandithera, kapena amene tidadana ndi mnzanga wa pamtima, zikundikhudza?

Zikukukhudzani pamene pali kusadziwa. Ambiri ogwira ntchito m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja adauzidwa mu 2020, nthawi ya Kovidi, kuti "tidzakuitanani zinthu zikakhala bwino". Amene adauzidwa mosabisa kuti ntchito yatha adalira n'kuyamba geni. Amene adauzidwa kuti adikire ndiwo adavutika nthawi yaitali, yunifolomu ili chipachikire. Ngati muli pamenepa, pemphani kalata yonena ngati mudakali pa ntchito kapena ayi, ndipo ikavuta pitani ku ofesi ya zantchito pa boma. Dziikireni mwezi umene mudzasiye kudikira.

Ubwenzi ndi wovutirapo chifukwa ulibe ankhoswe. Mnzanu amene mudavinidwa naye limodzi angosiya kukuyankhani, n'kumakumana naye pa msika. Funsani kamodzi, momveka, kapena tumani munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza. Akapanda kuyankha, musapitirize kufunsa.

Kodi tingachite sadaka kapena mwambo wa maliro kuti mitima ikhale pansi?

Osathamangira. Mwambo wa maliro a munthu amene imfa yake sinatsimikizike umagawa banja: mayi ake amati mwamuika wamoyo, mkazi wake amati mwandimasula. Pa Chisilamu lilipo pemphero la jeneza la munthu amene mtembo wake uli kutali, koma limayenera imfa ikadziwika, ndipo shehe wanu ndiye angakuunikireni. Pamene pali umboni wamphamvu, monga bwato lopezeka litatembenuzika, mabanja ambiri amagwirizana msanga.

Pamene palibe umboni, chitani mwambo wonena zoona. Itanani abale ndi aneba ku duwa kapena mapemphero a munthu wosowa, dzina lake litchulidwe, apemphereredwe kulikonse kumene ali, apemphereredwenso amene akumudikira. Ena amachita zimenezi chaka chilichonse pa mwezi umene adanyamuka. Phindu lake lalikulu n'lakuti mudzi umavomera poyera kuti pakhomopo pali vuto, ndipo anthu amayamba kufika.

Ndingadziwe bwanji kuti apa pafunika kuchipatala?

Chisoni chimabwera ngati mafunde: chimakumenyani, chimabwerera, ndipo pakati pake mumatha kudya, kuseka ndi kugwira ntchito. Matenda a kukhumudwa sapereka mpata wotere. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, palibe chimene chikukusangalatsani, chakudya sichikulowa, mukudzuka pakati pa usiku osagonanso, mukulephera kusamba kapena kusamalira ana, kapena mukudziona ngati wopanda pake, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi ngati mowa kapena chamba zasanduka njira yokhayo yopezera tulo, zimene zimaoneka kwambiri mwa amuna obwerera.

Ambiri amakangonena za mutu ndi kuphwanya kwa thupi, amayezedwa malungo, amapatsidwa panado n'kubwerera. Muuzeni dokotala nkhani yonse, kuti amuna anu adasowa liti ndi kuti mwakhala masiku angati osagona, ndipo pemphani kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala chachikulu cha Mangochi. Kuonana naye sikutanthauza kuti akutumizani ku Zomba. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu, ena ndi mankhwala, akugona kunyumba kwawo.

Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, kapena m'bale wanu wanena mawu ngati "bola ndingochoka", musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu lero lomwe, wina akhale naye pafupi usana ndi usiku, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.